Akuitanirani ku komiti pa mlandu wa pulejalizimu? Konzekerani motere

Kalata ikafika yoti mukaonekere ku komiti chifukwa asayimenti yanu akuti ndi yokopera, anthu ambiri chomwe amayamba ndi kuthamangira pa laputopu, kutsegula fayilo ija nkuyamba kukonzakonza, kenako kuimbira mnzawo kuti "aise tikanene chimodzi", kenako kufufuta macheza a pa WhatsApp. Zonse zitatuzi ndi zodzipha nazo. Ndiye ndisananene china chilichonse, manja pansi kaye, musakhudze kanthu.

Njira yoyendetsera milanduyi imasiyana sukulu ndi sukulu, ya ku Mzuni ku Luwinga si imodzimodzi ndi ya ku Unilia kapena ku St John of God, kwina mlandu umathera ku dipatimenti kwina umakafika ku disipulinale yaikulu. Koma mafunso omwe amafunsa amakhala omwewo, ndipo amazungulira pa chinthu chimodzi: ndime iyi, yomwe yafanana ndi ya munthu wina, inalowa bwanji mu ntchito yanu? Osati peresenti ya mawu ofanana yomwe imatulutsidwa ndi Turnitin, pulogalamu yofananiza zolemba. Ndime. Kukonzekera konse ndi koti pa ndime iliyonse mukhale ndi yankho loona komanso pepala lolitsimikizira.

Choyamba, werengani kalatayo ngati mmene mumawerengera funso la mayeso

Onani kuti akukuimbani mlandu wanji kwenikweni, chifukwa pali milandu ingapo yomwe anthu amangoiphatikiza. Kutenga mawu a m'buku kapena m'jonolo osasonyeza komwe achokera ndi wina. Kulembera limodzi ndi mnzanu ntchito yomwe imayenera kukhala ya aliyense payekha ndi wina. Kulipira munthu kuti akulembereni ndi winanso, ndipo umenewu ndi waukulu kuposa yonse. Palinso wopereka kachiwiri ntchito yanu yomwe munaipereka kale mu kosi ina. Umboni wodzitetezera pa uliwonse ndi wosiyana, ndiye ngati kalata yangoti "mwaphwanya malamulo a sukulu" basi, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuuzeni gawo la lamulo lomwe akunena, kosi yake, asayimenti yake, komanso akupatseni makope a umboni wonse womwe komiti idzagwiritse ntchito. Lembani ku ofesi yomwe yasayina kalatayo, pa imelo, kapena ngati ndi papepala pangani makope awiri adinde imodzi mubwerere nayo. Zongouzana pa kolido kuti "tikupatsani mawa" sizikhala umboni.

Kupempha kumeneku si chipongwe ayi. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu ali ndi ufulu woti chigamulo chomukhudza chochokera kwa adindo chikhale chotsata malamulo, chopangidwa mu njira ya chilungamo, komanso apatsidwe zifukwa zake zolembedwa. Simungayankhe bwino mlandu womwe umboni wake mukuuona koyamba mutakhala kale pa mpando. Ngati tsiku layandikira kwambiri umboni usanakupezeni, kapena ndinu wa maphunziro a patali muli ku Chitipa kapena ku Karonga ndipo kalata yakupezani mochedwa, pemphani alisunthe, molemba, tsikulo lisanafike. Kungosowa osanena kanthu ndi koopsa chifukwa malamulo ambiri amalola komiti kupitiriza inu kulibe.

Kenako pezani buku la malamulo a ophunzira, la chaka chino osati lomwe munalandira muli feresha. Mukufuna zinthu zochepa mmenemo: zilango zomwe zilipo, ngati mukuloledwa kubwera ndi munthu wokuperekezani komanso ngati munthuyo angayankhule, ngati mungabweretse mboni, ndi masiku ochitira apilo. Lembani nambala za magawowo pa pepala. A yuniyoni ya ophunzira ndi ofesi ya dini woona za ophunzira amadziwa mmene zimayendera pa sukulu panupo, kawaoneni lero lomwe.

Chachiwiri, sungani umboni mmene ulili

Fayilo ya Word imasunga mbiri yake. Mukapita pa `File > Info` muona `Author`, `Last Modified By`, `Created`, `Last Modified` ndi `Total Editing Time`. Mukatsegula nkusintha ngakhale chilembo chimodzi nkuseva, deti ya `Last Modified` imakhala ya lero, ndiye komiti ikuona fayilo yosinthidwa patapita masiku awiri chilandirireni kalata, mwadzipangira nokha funso lovuta. Choncho koperani foda yonse pa fulashi kaye, ndipo ngati mukufuna kuwerenga tsegulani kope, yoyambayo isiyeni.

Ngati munalembera mu Google Docs muli ndi mwayi, pitani pa `File > Version history > See version history`, muona mmene ntchito inkakulira tsiku ndi tsiku, maola ake omwe. Jambulani masikirinishoti oonetsa madeti. Koma dziwani kuti mbiri imeneyi siikondera, ngati mawu 400 anangotulukira kamodzi pa mphindi imodzi ionetsanso, ndipo aliyense wodziwa amadziwa kuti pamenepo panachitika zomata. Ndi bwino muzione nokha panopa kusiyana nkuti mukazionere limodzi ndi komiti.

Sonkhanitsani madirafuti onse, aja a mayina ngati `final`, `final2`, `finalfinal`, amene mumachita nawo manyazi ndi amene ali ofunika tsopano. Manotsi a pamanja mu kope. Mapepala omwe munadawunilodi, madeti ake ali mu foda ya `Downloads`. Maimelo omwe munadzitumizira nokha. Ngati munatumiza kudzera pa Turnitin pali `Digital Receipt` yosonyeza tsiku ndi nthawi, ngati ndi pa Moodle nthawi yotumizira imaonekanso. Pepala la funso la asayimenti ndi autilaini ya kosi musaiwale, chifukwa ndi mmene muli mawu oti ntchitoyi ndi ya payekha kapena mungakambirane.

Macheza a pa WhatsApp musangojambula zidutswa zokukomerani, tsegulani macheza onse mupange `Export chat` mudzitumizire pa imelo. Ngati munatchera mauthenga ozimirira okha fulumirani asanapite. Ndipo kufufuta mbali yanu sikufufuta ya mnzanu, iye akafika ndi foni yake yodzaza inu yanu ili mbee, akhulupirira iyeyo.

Kuno kwathu pali kavuto kena komwe anthu sakaganizira. Ambiri sitikhala ndi laputopu yathuyathu, timabwereka ya wa mu rumu, kapena kukatayipitsa ndi kupulintitsa pa masiteshonale a ku Luwinga kaya m'tauni. Ndiye pa `Author` pamatuluka dzina la mwini laputopu kapena la shopu, komiti nkumaganiza kuti anakulemberani. Ngati ndi mmene zilili musadikire akufunseni, nenani nokha, mwini laputopu alembe kalata yaifupi yotsimikiza kapena abwere ngati mboni, ndipo bweretsani pepala la pamanja lomwe munakatayipitsalo. Komanso fayilo yomwe munaisiya pa desikitopu ya kompyuta ya pa siteshonale aliyense akhoza kuikopera, zimachitika, koma mukanena zimenezi munene tsiku ndi malo, osangoti "mwina".

Chachitatu, phwasulani lipoti

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndiye tiyeni titenge chitsanzo chongopeka koma chofanana ndi zomwe zimachitika. Mtsikana wa chaka chachitatu walemba asayimenti ya mawu 2,500 yokhudza moto wa mu nkhalango ya Chikangawa, lipoti la Turnitin latuluka 41 peresenti, mtundu wachikasu, lekichala wakatula ku dipatimenti.

Nambala 41 payokha sikutanthauza kuti 41 peresenti ndi yobedwa. Turnitin imangoonetsa mawu omwe afanana ndi omwe ali mu nkhokwe yake, masamba a pa intaneti, majonolo, ndi ntchito za ophunzira ena zomwe zinatumizidwa kale, woweruza ngati ndi kuba ndi munthu. Koma chenjerani, mfundo imeneyi imaluma mbali zonse, munthu wa 9 peresenti akhoza kupezeka wolakwa ngati 9 yonseyo ndi ndime imodzi yomatidwa osanena mwini wake. Ndiye zoti "sindinapyole malire a peresenti" si chitetezo.

Pemphani lipoti lonse, lija la mitundumitundu lomwe ndime iliyonse ili ndi nambala yolozera ku gwero lake, osati tsamba loyamba lokha. Mtsikana wathuyu atakhala nalo pansi, ndi pensulo, wapeza izi. Mndandanda wa mabuku kumapeto watenga 9 peresenti, chifukwa lekichala sanatchere `Exclude Bibliography`. Mawu omwe anawaika bwinobwino mu makoteshoni, dzina la wolemba ndi chaka ndi peji zilipo, ndi 6 peresenti, `Exclude Quotes` sinatcheredwenso. Tsamba la pamwamba, dzina la kosi ndi funso lenilenilo, zomwe kalasi yonse inalemba mofanana, 4 peresenti. Zimenezi pamodzi ndi 19, ndipo zilibe mlandu. Zatsala 22. Mwa izo, 14 peresenti yafanana ndi chinthu cholembedwa `Student Paper` cha pa sukulu pomwepo, ndipo 8 peresenti yachokera mu pepala limodzi la mu jonolo.

Onani mmene nkhani yasinthira. Sakukayankhanso za 41, akukayankha za zinthu ziwiri, mawu pafupifupi 350 ofanana ndi a wophunzira wina, ndi mawu pafupifupi 200 a mu jonolo.

Tiyambe ndi 350 aja. Iye akudziwa chomwe chinachitika, kutatsala masiku atatu mnzake wa mu kalasi analemba kuti "sisi tanditumizireko yako ndingoona kasanjidwe", iye anatumiza dirafuti, mnzakeyo anatenga gawo lonse la zoyambitsa moto nkusintha mawu awiri atatu, nkutumiza usiku, mtsikana wathuyu anatumiza mmawa mwake. Turnitin imatenga amene wayamba kutumiza ngati gwero, siidziwa amene anayamba kulemba, ndiye pa lipoti wooneka wokopera ndi mwini ntchito. Umboni wake ndi mbiri ya mu Google Docs yoonetsa kuti gawolo analilemba pang'onopang'ono sabata imodzi m'mbuyo, uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi fayilo ndi deti, ndi manotsi a pamanja. Palinso kaumboni kena kokoma komwe malekichala amakakonda, zolakwika zofanana. Ngati analakwitsa sipelo ya dzina la wolemba mu dirafuti yake yakale, ndipo cholakwika chomwecho chili mu ntchito ya mnzake, zikusonyeza komwe madzi anachokera.

Koma asanyade msanga. Malamulo a sukulu zambiri amati kupatsa mnzako ntchito yako ndi mlandu pawokha ngati asayimenti inali ya payekha. Ndiye umboni womwe ukumuchotsa pa mlandu wokopera ukumuikanso pa mlandu wothandizira. Maganizo anga ndi oti aupereke basi, chifukwa mlandu wachiwiriwu ndi wopepuka kusiyana ndi woyambawo, komanso komiti ili ndi ntchito zonse ziwiri pa tebulo ndipo mnzakeyo adzafunsidwa payekha. Zogwirizana bodza kuti "tinangogwiritsa ntchito buku limodzi" zimagwa pa funso lachiwiri, akangoti buku lake liti, peji iti, aliyense amanena zake. Ndikudziwa zimawawa kutchula mnzako, ena mumachokera mudzi umodzi ku Rumphi kaya ku Nkhata Bay, makolo amadziwana. Simukuyenera kumuweruza kapena kunena kuti ndi wakuba, mungonena zomwe munachita inu, tsiku lakuti ndinatumiza fayilo iyi kwa uyu atandipempha motere, basi.

Tsopano 200 aja a mu jonolo. Apa palibe pothawira. Ndime ziwiri, ina anamata mu manotsi ake pomwe ankawerenga nkuiwala kuti si mawu ake, ina anasintha mawu ochepa koma chiganizo chikuyenda ndendende ngati cha mwini wake. Pepalalo lili pa mndandanda wa kumapeto, koma mkati mwa ndimezo mulibe makoteshoni, ndipo pa ndime imodzi palibe ngakhale dzina la wolemba. Ambiri amaganiza kuti bola dzina lili kumapeto zatha, ayi, mawu a munthu mukawatenga mmene alili amafunika makoteshoni ndi peji pomwepo, ndipo kusintha liwu limodzi limodzi sikupangitsa chiganizo kukhala chanu. Apa avomere. Kuti pepalalo lili pa mndandanda zimuthandiza kusonyeza kuti sankabisa, koma zimenezo zimachepetsa chilango, sizifufuta mlandu, chifukwa malamulo ambiri amati kukopera ndi kukopera kaya munafuna kaya simunafune.

Zonsezi ziikeni pa tebulo la tsamba limodzi kapena awiri: nambala ya ndime pa lipoti, peji mu asayimenti, gwero, chomwe chinachitika mu chiganizo chimodzi, umboni wake uli pa pepala liti, ndipo mukuvomera kapena mukukana. Mapepala a umboni apatseni manambala. Tebulo limeneli ndi lomwe lidzakugwireni dzanja mantha akakufikani pakhosi.

Chachinayi, lembani sitetimenti yaifupi

Tsamba limodzi, likapitirira ndi theka basi. Yambani ndi zomwe mukuvomera ndi zomwe mukukana, kenako madeti a mmene munalembera ntchito, kenako lozerani ku tebulo. Ngati panali zovuta zenizeni, munagonekedwa ku Mzuzu Central, kunagwa maliro kunyumba, zilembeni kumapeto ndi pepala lake, ndipo munene poyera kuti mukuzipereka kuti aziganizire pa chilango osati kuti zikuchotsa kulakwa. Zoti magetsi anazima kapena bandulo inatha zisiyeni, kalasi yonse inali mu mdima womwewo. Lembani nokha ndi chizungu chanu cha masiku onse. Sitetimenti yosalala kuposa mmene mumayankhulira, pa mlandu woti mwina ntchito si yanu, ikungowonjezera mafuta pa moto. Ndipo zoti lekichala amadana nanu musalembe pokhapokha muli ndi umboni wogwirika, ngati ulipo umenewo ndi dandaulo lina lapadera.

Chachisanu, dziwani zomwe adzabweretse ndi zomwe adzafunse

Pa tebulo pawo padzakhala lipoti, ntchito yanu itayalidwa pambali pa gwero ndime zofanana zitapakidwa mtundu, kalata ya lekichala, fomu ija munasayina yoti ntchitoyi ndi yanga, nthawi zotumizira, ntchito ya mnzanu ngati ikukhudzidwa, nthawi zina ndi zolemba zanu zakale kapena za m'mayeso kuti afananize kalembedwe. Amaonanso tizinthu ting'onoting'ono, fonti yosintha pakati pa ndime, sipelo ya chi Amereka pakati pa ya chi Britishi, ndime yonena za "chithunzi chachitatu" pomwe ntchito yanu ilibe chithunzi, buku lotchulidwa lomwe mu laibulale mulibe komanso pa intaneti silipezeka. Ndipo kumeneku si ku khothi la milandu ya upandu, kawirikawiri sakufuna umboni wopanda chikaiko chilichonse, amangoyeza kuti pa nkhani ziwirizi yomveka kwambiri ndi iti. Ndiye kungokhala chete nkumati "atsimikize okha" sikuthandiza.

Mafunso amayamba mofatsa. Mwalandira kalata, mwaumvetsa mlandu, mukuvomera kapena mukukana. Pamenepa musangoti eya kapena ayi pa zonse, nenani kuti ndikuvomera pa ndime 4 ndi 7, ndikukana pa zinazo. Kenako, tafotokozani mmene munalembera ntchitoyi kuyambira tsiku lomwe munalandira funso. Ili ndi funso lalikulu, munthu amene analemba yekha amakumbukira tinthu, kuti ndinayamba ndi gawo lachiwiri chifukwa loyamba limandivuta, pepala lakuti ndinalipeza pa Google Scholar, linalo anatipatsa mu kalasi. Yemwe sanalembe amayankha za mlengalenga.

Akatero amalowa mkati mwa nkhaniyo. Tsekani pepala, tatiuzeni mfundo yanu yaikulu. Liwu ili pa peji 4 likutanthauza chiyani. Mwalemba kuti nkhalango ya Chikangawa ndi mahekitala pafupifupi 53,000, nambalayi munaitenga kuti. Wolemba uyu mwamutchula katatu, munawerenga pepala lake lenileni kapena munamupeza atatchulidwa mwa wina? Funso lomalizali limagwetsa anthu ambiri osalakwa kwenikweni, chifukwa timakonda kutchula mabuku omwe sitinawaonepo. Ngati simunawerenge nenani choncho, akakufunsani za mkati mwake bodza lionekera pompo. Ndiye masiku otsalawa werengani ntchito yanu mobwereza, liwu lililonse lomwe simungalifotokoze lifufuzeni, ndipo gwero lililonse mudziwe komwe munalipeza.

Kenako za anthu. Alipo anaona ntchito yanu musanatumize, alipo anakuthandizani, anakuthandizani pati, munamulipira? Ngati wina anakukonzerani galamala nenani, ndipo nenani mpaka pomwe anafika. Pomaliza amafunsa ngati munaphunzitsidwa katchulidwe ka magwero. Samalani, pafupifupi tonse tinachita kosi ya luso la kulemba mu chaka choyamba ndipo zili pa thiransikiripiti, ndiye wa chaka chachitatu kunena kuti sindinamvepo zimangokwiyitsa anthu. Yankho loona ndi loti ndinaphunzira koma apa sindinatsatire, ndipo zinachitika motere. Amafunsanso ngati munayamba mwapezekapo ndi mlandu ngati uwu, rekodi ali nayo kale, akungofuna amve ngati munena zoona.

Pezani mnzanu wosaseka, yemwe sakukhudzidwa ndi mlanduwu, akhale tcheya akufunseni mafunsowa mokweza mawu, mu chizungu poti ndi chomwe chidzayankhulidwe. Osaloweza mayankho, mungozolowera kumva mawu anu akunena zinthu zochititsa manyazi osanjenjemera.

Chachisanu ndi chimodzi, tsiku lenilenilo

Pulintani tebulo, sitetimenti ndi mapepala a umboni dzulo lake, osati mmawa womwewo, makope okwanira aliyense wa mu komiti ndi yanu imodzi. Laputopu ikhale yodzaza moto, mbiri ya Google Docs ikhalenso pa pepala poti netiweki sidalirika. Tengani ayidi, valani ngati mukupita ku intavyu, fikani msanga, ndipo mvula ya Mzuzu mukuidziwa, mapepala akhale mu pulasitiki.

Mukalowa lembani mayina ndi maudindo a onse omwe ali mmenemo. Ngati lekichala yemwe wakusumirani wakhala ngati mmodzi wa oweruza osati ngati mboni, funsani mwaulemu pachiyambi pomwe, "a Tcheya, ndimafuna ndidziwe ngati a Dokotala akhale nawo popanga chigamulo", ndipo pemphani zilembedwe mu maminitsi. Munthu sakhala wodandaula ndi woweruza pa mlandu umodzi. Chimodzimodzi akatulutsa pepala lomwe simunalionepo, musaliyankhe mothamanga, nenani kuti ndikuliona koyamba ndipo ndikupempha nthawi yoliwerenga.

Yankhani kwa tcheya ngakhale wafunsa ndi wina. Funso lomwe simunamve pemphani abwereze. Chomwe simukukumbukira nenani kuti sindikukumbukira, osapeka deti chifukwa chete wakuopsani, deti yopeka ikasemphana ndi ya pa fayilo zonse zomwe mwanena zimayamba kukaikitsa. Mawu oti "aliyense amapanga" asatuluke. Kulira kukabwera palibe vuto, pemphani mphindi ziwiri, koma kugwada ndi kupepesa pa zonse kuti zingotha ndi kuvomera ngakhale zomwe simunachite. Mtsikana wathu uja akangoti "pepani ndinalakwa" osasiyanitsa, mu maminitsi mulowa kuti wavomera 22 yonse.

Akakupatsani mpata wa mawu omaliza, bwerezani mwachidule zomwe mwavomera ndi zomwe mwakana, tchulani ngati ndi koyamba, ndipo pemphani chilango chomwe chilimo mu buku la malamulo, mochitchula ndi nambala ya gawo. Zilango zimayambira pa chenjezo, kulembanso ntchito malikisi atachepetsedwa, ziro pa asayimenti, kulephera kosi yonse, kuimitsidwa, mpaka kuchotsedwa sukulu, ndipo komwe mugwere kumadalira kuchuluka kwa zokopedwa, chaka chomwe muli, ngati munabisa dala, komanso ngati ndi kachiwiri. Ngati muli pa loni kapena pa sikolashipu ndipo kubwereza chaka kukhudza zimenezo, nenani, mwina sakudziwa. Akakupatsani pepala loti musayine, werengani lonse, chomwe sichikugwirizana ndi zomwe munanena pemphani akonze musanasayine.

Mukatuluka

Khalani pansi pompo mulembe mafunso onse ndi mayankho anu zisanauluke, ndi nthawi yomwe munalowa ndi kutuluka. Musalembe za mlanduwu pa gulu la kalasi kapena pa sitetasi. Dikirani kalata ya chigamulo, ndipo ikabwera yopanda zifukwa pemphani zifukwa zolembedwa.

Masiku a apilo amakhala ochepa, onani ngati akuwerenga kuyambira pa deti ya kalata kapena tsiku lomwe mwailandira, ndipo lembani tsiku lolandiriralo pa kalatapo. Apilo si kubwereza nkhani yomweyo mokweza mawu, imafuna chifukwa: ndondomeko sinatsatidwe, mwachitsanzo sanakupatseni umboni kapena wodandaula anakhala nawo poweruza, kapena pali umboni watsopano womwe simukanatha kuupeza poyamba, kapena chilango chapyola zomwe buku likunena pa mlandu wotere. Apa ndi pomwe makalata odinda aja ndi zomwe munapempha kuti zilowe mu maminitsi zimagwira ntchito.

Njira za mkati mwa sukulu zikatha ndipo chilango ndi chachikulu ngati kuchotsedwa, nkhani ikhoza kupita ku khothi lalikulu, lomwe lili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu, kuti likaunikenso mmene chigamulo chinapangidwira, makamaka ngati ndi sukulu ya boma. Khothi siliwerenganso asayimenti yanu nkupereka malikisi, limaona ngati munamvedwa mwachilungamo, ndipo pempho lotere limayenera kulowa pasanathe miyezi itatu chigamulo chitaperekedwa. Ngati mulibe ndalama ya loya pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau mutanyamula foda yonse ija, kalata yoyamba, tebulo, sitetimenti, zomwe munalemba mutatuluka, ndi kalata ya chigamulo.